Kutulutsa fayilo imodzi m'zipu yaikulu

"Ndili ku Ulongwe kuno. Andipatsa zipu ya 6 GB ya mayeso akale pa fulashi, koma pa laputopu patsala malo a 2 GB okha. Ndikungofuna pepala limodzi la masamu. Nditani?"

Aphunzitsi, musafufute kalikonse pofuna malo, ndipo zipuyo isiyeni pa fulashi pomwepo. M'zipu fayilo iliyonse imapanikizidwa payokha, ndipo kumapeto kwake kumakhala mndandanda wonena dzina la fayilo iliyonse ndi pamene yayambira. Kompyuta imawerenga mndandandawo n'kupita molunjika pa imene mwasankha, zinazo osazikhudza. Ngati pepalalo ndi la 3 MB, malo ofunika ndi 3 MB basi.

Pa Windows dinani kawiri pa zipuyo, itseguka ngati foda wamba. Lowani mpaka mupeze pepalalo, mulikope ndi Ctrl+C, kenako mulimate ndi Ctrl+V pamene mukufuna. Batani loti Extrair Tudo ndilo musaliyandikire, limakhuthula zonse. Musayambenso kulemba m'fayilo mudakali m'zipu, chifukwa chimene chimatseguka ndi kope losakhalitsa, zosintha zanu zikhoza kutayika. Pa foni pulogalamu ya ZArchiver imachita zomwezi: tsegulani zipu kuti muone zam'kati, musankhe imodziyo.

Ngati mafayilo ndi ambirimbiri moti maso akutopa, pa Linux kapena Mac tsegulani Terminal, pulogalamu yolemberamo malamulo, mulowe m'foda momwe muli zipuyo, n'kuyamba mwafufuza dzina. Tinene kuti zipuyo ndi `exames.zip` ndipo pepalalo ndi la 2019:

```
unzip -l exames.zip | grep -i 2019
```

Tinene kuti yakuonetsani `10classe/Matemática_2019.pdf`. Lembani:

```
unzip -j exames.zip "10classe/Matem*2019.pdf" -d ~/Desktop
```

`-j` akuti musandimangire mafoda, ndipatseni fayilo yokha, pomwe `-d` akunena kokaiika. Kanyenyezi ka `*` ndakaika dala. Mayina athu achipwitikizi okhala ndi á, ç kapena ã nthawi zambiri amaoneka osokonekera ngati zipu inapangidwa pa makina ena, ndiye kanyenyezi kamaima m'malo mwa zilembo zovutazo. Mukaona `filename not matched`, zipu ili bwino, dzina ndilo lalakwika. Mwina mwasiya dzina la foda kutsogolo, kapena mwalemba chilembo chaching'ono pa chachikulu.

Uthenga wodetsa nkhawa ndi `End-of-central-directory signature not found`. Kawirikawiri ndiye kuti zipu inadukira panjira, kaya netiweki inathawa kapena fulashi inazulidwa msanga, ndipo gawo losowalo ndi lakumapeto komwe kuli mndandanda uja. Apa musavutike n'kusinthasintha mapulogalamu. Funsani amene anakupatsaniwo kukula kwa zipu yawo, muyerekeze ndi yanu. Zikasiyana, ikopedwenso, kapenanso iwowo atulutse pepala limodzilo akutumizireni pa WhatsApp.

Yang'ananinso mathero a dzina. Ngati ndi `.tar.gz`, mafayilo onse anapanikizidwa pamodzi, choncho kompyuta imawerenga kuyambira koyamba mpaka ifike pa yanuyo. Ituluka ndithu, koma mudikira.