Za Chipinda cha Chitchaina chija

"Abale thandizeni, mkalasi atchula za Chipinda cha Chitchaina cha Searle ine sindinatolepo kanthu. Mfundo yake ndi yotani, nanga omutsutsa amati chani?"

Zili chonchi achimwene. Mu 1980 John Searle, yemwe anali mphunzitsi wa filosofi pa yunivesite ya ku Berkeley ku America, anati tayerekezani mwanditsekera mchipinda ine wosadziwa Chitchaina olo liwu limodzi, mwandisiyira timakhadi ta zilembo ndi chibuku cha malamulo cha m'Chingerezi. Wina panja walowetsa kapepala pansi pa chitseko, tinene kuti kakufunsa "mwadya kale?", ine ndikungoona zokhwatchakhwatcha basi, nditsegula buku, lamulo likuti ukaona chilembo chakuti chotsatana ndi chakuti bweza khadi ili ndi ilo. Ndabweza. Wapanjayo awerenga "eya ndadya mpunga" nkumati mkatimu muli mwini chinenero, chikhalirecho ine sindikudziwa nkomwe kuti tikukamba za chakudya. Ndiye Searle akuti kompyuta ikamayendetsa pulogalamu imachita zomwezi, imatsata kaonekedwe ka zilembo, tanthauzo ayi.

Oyamba kumutsutsa anati munthuyo ndi kachigawo chabe, chomwe chikumva Chitchaina ndi zonse pamodzi, munthu, buku ndi makhadi. Iye anati chabwino ndiloweza buku lonselo pamtima, ndituluke ndizikayankhira pabwalo, zonse zili mmutu mwanga tsopano koma sindikumvabe kanthu. Zili ngati mmene enafe timayimbira nyimbo za ku Congo mpaka kumapeto osadziwa kuti akutamanda kapena akutukwana. Komatu apa mpomwe ine ndimaona kuti mkuluyu sanamalize nkhani, chifukwa woyimba uja mutamufunsa funso m'Chilingala angoti kukamwa yasa, pomwe woloweza bukuyu akuyankha chilichonse molondola. Otsutsa amati mwina mmutu umodzimo mwakhala awiri, Searle wosamva ndi china chake chomva, paja kaselo kamodzi ka muubongo wanu sikadziwa Chichewa koma inu mumachidziwa.

Ena anati vuto ndi loti chipindacho sichinaonepo mpunga, ikani kompyutayo mu loboti ya kamera ndi manja izigwira zinthu, mawu alumikizana ndi dziko. Searle anati za pakamera nazo zimafika mkatimo ngati zilembo zina, mwangomuonjezera ntchito munthu uja.

Enanso anati nanga pulogalamu itakopera ndendende mmene maselo a muubongo wa Mtchaina amatumizirana mauthenga? Apa Searle anayankha ndi mapaipi, akuti lumikizani mapaipi a madzi ngati maselowo, munthu azitsegula ndi kutseka mipopi motsata buku, yankho lituluka bwinobwino koma ndani akumva Chitchaina, mapaipi?

Pamayeso samalani chimodzi, ambiri amalemba kuti Searle anati makina sangaganize. Sanatero ayi, iye ankati ubongo nawo ndi makina ndithu ndipo umaganiza, chomwe ankakana nchoti kungoyendetsa pulogalamu pakokha nkokwanira kuti chinthu chizimva chinenero.