Batire ya furiji ya katemera pa chipatala chaching'ono

"Ndikulemba lipoti la magetsi a sola pa chipatala chathu kunja kwa Mzuzu. Batire ndiike yaikulu bwanji?"

Achimwene, furiji ya katemera ipatseni batire yakeyake, yokwana masiku osachepera 3 opanda dzuwa. Kuno ku Mzuzu mvula imatha kugwa mpaka Epulo, ndipo Juni ndi wamitambo.

Tinene kuti furijiyo imadya mawati 60 ndipo imalira maola 10 pa tsiku. Amenewo ndi mawati-ola 600, pa masiku 3 ndi 1,800. Batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka, choncho mufunika mawati-ola 3,600, kutanthauza maampu-ola 300 mukagawa ndi mavoti 12 a batireyo. Mu lipotimo lembani masamuwa poyera, pamodzi ndi maola amene mwayeza nokha.

Ndinaonapo pa chipatala china furiji italumikizidwa limodzi ndi masoketi. Anthu ankatchajirapo mafoni, wina n'kulumikiza ketulo, pofika m'bandakucha batire yatheratu, katemera ali pangozi. Zinandiwawa kwambiri.

Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire. Koma za waya wopita m'nthaka ndi zoteteza ku mphezi, itanani katswiri wovomerezeka ndi MERA adzayeze yekha asanasaine.