Kodi feteleza ndiye wachulukitsa chimanga, kapena angoyendera limodzi?

"Zikomo akulu. Ndili chaka chachiwiri ku Chanco. Pa ntchito ya m'kalasi tinafunsa mabanja 60 a ku Domasi za matumba a feteleza amene anathira ndi matumba a chimanga amene anakolola. Kompyuta yandipatsa y = 4 + 3x, ndipo r = 0.7. Ndinalemba kuti thumba limodzi la feteleza limabweretsa matumba atatu a chimanga, koma aphunzitsi adula chiganizocho. Ndalakwitsa pati?"

Masamu anu ali bwino. Cholakwika ndi mawu amodzi okha, akuti "limabweretsa".

Tiyambe ndi y = 4 + 3x uja, umene ndi mzere wa rigireshoni: x ndi matumba a feteleza, y ndi matumba a chimanga. Pa pepala lanu pali madontho 60, banja lililonse dontho lake, ndipo mzerewo ndi umene wadutsa pakati pawo moyandikira onse mmene kungathekere. Nambala 4 ndi pamene mzere wayambira: zokolola zimene tingayembekezere pa banja limene silinathire feteleza n'komwe. Nambala 3 ndi kupendekeka kwa mzere, ndipo imawerengedwa chonchi: tikayerekeza mabanja awiri osiyana ndi thumba limodzi la feteleza, lothira wambiri limakhala ndi matumba pafupifupi atatu oposa linzake. Choncho banja lothira matumba awiri mzere ukulipatsa 4 + 3 × 2, omwe ndi matumba 10. Ngati linakolola 7, dontho lake lili pansi pa mzere ndi matumba atatu, ndipo zimenezo si zachilendo, pakuti mzere umanena za mabanja ambiri pamodzi. Musaupitirizenso kumene kulibe madontho. Ngati wothira kwambiri anathira matumba anayi, musawerengere matumba 20 n'kulonjeza munthu matumba 64.

Nanga r = 0.7? Imeneyi ndi korileshoni, ndipo imangonena mmene madontho aunjikanirana mozungulira mzere. Imayambira pa -1 kulekeza pa 1. Mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeza 0.49, nambala imene kompyuta imalemba kuti `R-squared`, kutanthauza kuti pafupifupi theka la kusiyana kwa zokolola pakati pa mabanjawo likuyendera limodzi ndi feteleza.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike. Mzere wanu wayerekeza mabanja osiyana. Sunatenge banja limodzi, n'kuliwonjezera thumba, n'kuona chotsatira. Dzifunseni kuti kumudzi amagula matumba anayi a feteleza ndi ndani. Kawirikawiri ndi munthu wa munda waukulu, wogula mbewu ya haibulidi, wolemba aganyu kuti apalire nthawi yake, mwina wokhala ndi mwana m'tauni amene amatumiza ndalama. Munthu wotereyu akanakolola zambiri kuposa mnzake wa theka la ekala ngakhale onse akanapanda kuthira. Ndiye m'kati mwa 3 uja muli mphamvu ya feteleza, komanso muli kukula kwa munda ndi kupeza bwino kwa banja, zonse zitasakanikirana. Palinso njira yobwerera m'mbuyo: banja lozolowera kukolola zambiri limagulitsako chimanga n'kugula feteleza, kotero zokolola za chaka chatha ndizo zabweretsa feteleza wa chaka chino.

Sindikunena kuti feteleza sagwira ntchito. Aliyense amene analimapo chimanga amadziwa kuti amagwira. Ndikunena kuti mzere wanu sukutiuza kuti amagwira mochuluka bwanji.

Mungathe kuyesa nokha lero lomwe. Patulani mabanja a ekala imodzi okhaokha, mujambule mzere wawo, kenako muchite chimodzimodzi ndi a maekala awiri. Kapena, ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta ya Stata, onjezani kukula kwa munda:

```
regress zokolola feteleza maekala
```

Ndiye muyang'ane nambala ya feteleza. Ikatsika kuchoka pa 3 kufika, tinene, pa 1.5, dziwani kuti theka la zimene munkati ndi feteleza linali munda. Ikapanda kusuntha, munda si umene umakusokonezani. Komabe njirayi imangochotsa zinthu zimene munafunsa. Chonde cha nthaka ndi khama la mlimi, ngati simunaziyeze, zikadali momwemo.

N'chifukwa chake ofufuza akafuna kunena motsimikiza kuti ichi chachititsa icho, amachita maere. Chitsanzo chili m'boma lathu lomwe lino. Kuyambira 2008, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anafufuza za ndalama zopatsa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo m'Zomba muno. Madera olandira ndi osalandira anasankhidwa mwa maere, kotero panalibe chifukwa choti olemera kapena akhama achulukire mbali imodzi. Kusiyana koonekeratu kumene kunadza pambuyo pake pa nkhani ya sukulu kunayenera kuchokera ku ndalamazo. Inu feteleza simunagawe mwa maere, alimi anadzisankhira okha.

Chiganizo chija chilembeni chonchi: "Mwa mabanja 60 amene tinafunsa ku Domasi, othira thumba limodzi loposa anzawo anakolola matumba pafupifupi atatu oposa." Pansi pake onjezani kuti kukula kwa munda ndi chuma cha banja zingakhale zikuthandizira kusiyanaku, ndipo muonetse nambala imene yatuluka mutaika maekala.