Chimene chimachedwetsa njira yochulukitsa mobwerezabwereza

"Ndimachulukitsa vekita ndi matirikisi mobwerezabwereza pofuna kupeza aigenivaliyu yaikulu. Pa matirikisi ena yankho limabwera msanga, koma pa ena pulogalamu imazungulira maulendo mazanamazana. Kodi ndikulakwitsa pati?"

N'kutheka kuti simukulakwitsa paliponse, chifukwa liwiro la njirayi limachokera m'matirikisi momwemo. Tiyeni tione chitsanzo choti mungachitsatire ndi pensulo.

Tengani A = [[2, 1], [1, 2]], amene aigenivaliyu zake ndi 3 ndi 1, ndipo muyambe ndi vekita (1, 0). Mukamachulukitsa ndi A mupeza (2, 1), kenako (5, 4), (14, 13) ndi (41, 40). Taonani kuti manambala awiriwo amasiyana ndi 1 nthawi zonse, pamene mukawaphatikiza akukula katatu ulendo uliwonse. Izi zikutero chifukwa vekita yoyamba ija ili ndi magawo awiri, lina lotsata (1, 1) limene limachulukitsidwa ndi 3, ndi lina lotsata (1, −1) limene limachulukitsidwa ndi 1. Gawo lachiwirilo silitha ayi, limangophimbidwa ndi linzake, ndiye chifukwa chake mukagawa manambala oyamba a mavekita awiri omalizawo, 41/14, mwafika kale pa 2.93, pafupi ndi 3.

Choncho cholakwika chimachulukitsidwa ndi |λ₂/λ₁| pa ulendo uliwonse, pamene λ₁ ndi aigenivaliyu yaikulu ndipo λ₂ ndi yotsatira pa kukula, ndipo apa mpamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti chofunika ndi kuchotsera λ₂ ku λ₁. Yesani B = [[99, 1], [1, 99]], amene aigenivaliyu zake ndi 100 ndi 98. Mpata wake ndi 2, monga wa A, koma mukagawa mupeza 0.98 m'malo mwa 1/3. Kuti gawo losafunikalo lichepe ka 1,000 poyerekeza ndi linzake, A akufuna maulendo 7 okha, pamene B akufuna 342.

Mankhwala ake nthawi zina ndi osavuta. Mukachotsera 97 pa 99 aliyense wa mu B, ndiko kuti B − 97I, mubwerera kwa A yemwe uja, mupeza 3 mwamsanga, n'kuwonjezera 97 kuti mupeze 100. Koma chenjerani pa matirikisi aakulu, chifukwa mukachotsera nambala yaikulu kwambiri, aigenivaliyu yaing'ono ija imatsika pansi pa ziro n'kuposa zinzake pa kukula, ndipo njirayo imayamba kutsata iyo.

Ineyo sindikhulupirira pulogalamu imene imaima pongoona kuti yankho lasiya kusintha kwambiri, popeza pa B limasintha pang'onopang'ono ngakhale lidakali kutali. Ndi bwino kuyeza ‖Ax − λx‖, pamene x ndi vekita ndipo λ ndi yankho limene mwapeza pa ulendowo, vekitayo itagawidwa ndi utali wake ulendo uliwonse kuti manambala asasefukire. Muyesowu ukamatsika pang'onopang'ono koma mofanana ulendo ndi ulendo, ndiye kuti |λ₂/λ₁| ili pafupi ndi 1. Ukapanda kutsika n'komwe, vekita n'kumangodumpha pakati pa mbali ziwiri, fufuzani ngati mulibe aigenivaliyu ziwiri zofanana kukula, monga 3 ndi −3.