Amuna anga akuti ndidzabweza malikisi pa mayeso omaliza

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndikuchita kosi ya madzulo, Lachiwiri ndi Lachinayi. Poyamba amuna anga analonjeza kuti masiku amenewa azibwera msanga kudzatsala ndi ana, koma akumafika usiku. Pa makalasi 14 amene achitika, ndajomba 8. Ndikadandaula amati, "Iwe ndiwe wanzeru, udzabweza pa mayeso omaliza." Amene akundilipirira sukulu akufuna ndipeze malikisi 75 kuti apitirize. Pepala la kosi likuti kupezeka m'kalasi ndi malikisi 10, kutenga mbali 10, mayeso apakati 30, omaliza 50. Makalasi onse ndi 20. Apakati ndinapeza 21. Kodi ndikuvutitsa bambowa pachabe?

Wodandaula

Mwanangu,

Simukuwavutitsa pachabe ayi. Bambowo akulakwitsa, ngakhale mwina sakuchita dala. Anthu ambiri amaganiza ngati iwo, kuti mayeso omaliza ndi chitsime chimene ungatungemo madzi ochuluka mmene ukufunira. Sizili choncho. Mayeso anuwo ali ndi malikisi 50 basi. Mutakhoza funso lililonse, aphunzitsi sangakupatseni 54 kuti akwirire a masiku amene munajomba. Chigawo chilichonse chili ndi malire ake, ndipo zotayika m'chigawo china sizibwezedwa ndi chinzake.

Tiyeni tiwerenge. Malikisi 10 a kupezeka m'kalasi akagawidwa pa makalasi 20, kalasi iliyonse ili ndi theka. Munthu satenga mbali m'kalasi imene kulibe, choncho ngati aphunzitsi anu amagawa a kutenga mbali mofanana, theka linanso limapita tsiku lomwelo. Ndiye kuti madzulo alionse amene mwakhala pakhomo, 1 wapita. Makalasi 8 atenga malikisi 8. Mayeso apakati anakuphonyetsani 9. Chotsani 17 pa 100, otsala ndi 83. Kuchokera lero, ngakhale mutachita zonse mosalakwitsa, simungapitirire 83.

Tsono 83 amaoneka ngati ambiri, ndipo ndi pamene pamanyenga anthu. Funso lofunika ndi lakuti mayeso omaliza akufuna chiyani kwa inu. M'manja muli ndi 27: 21 a mayeso apakati ndi 6 a makalasi amene munapita, ngati munkayankhula mokwanira. Mukapita ku makalasi 6 otsalawo n'kumatenga mbali, mufika 33, ndipo kuti mukwane 75 mudzafunika 42 pa 50, amene ndi 84 peresenti. N'zolimba koma n'zotheka. Mukajombanso onse 6, mudzafunika 48 pa 50, kutanthauza kuti mwa mayeso onsewo mungaphonye malikisi 2 okha. Mukanapanda kujomba chiyambire, bwenzi mukufuna 34 okha.

Zimandiwawa kwambiri chifukwa malikisi amenewa ndi osavuta kuposa onse a m'kosi. Safuna kugona mochedwa ndi mabuku. Amangofuna kuti munthu afike, dzina lilowe m'kaundula, akweze dzanja.

Musadikire kuti bambowo afike usiku inu mutakwiya kale. Sankhani nthawi ya phee, ana atagona, mutenge pepala la kosi ndi cholembera, ndipo awerenge okha. Akafika pa 42 ndi 48 ndi dzanja lawo, sipadzafunikanso kukangana za nzeru zanu. Musawapemphe kuti "azithandiza", mawu amenewo ndi otakata. Apempheni madzulo 6, muwatchule masiku ake ndi ola limene mumanyamuka. Afunseninso chimene chikuwachedwetsa. Ngati ndi ntchito, agwirizane nanu za wina wodalirika wotsala ndi ana, ndipo kumupeza ukhale udindo wa nonse awiri. Koma ngati ataona masamuwa akuchedwabe popanda chifukwa, nkhani si nthawi ayi. Mwina sukulu yanuyo sakuifuna, ndipo zimenezo muyenera kuwafunsa maso ndi maso.

Sabata ino kaonaneninso ndi aphunzitsi. Afunseni malikisi a kutenga mbali amene akulemberani mpaka pano, chifukwa ngati munkakhala chete, 27 uja achepa ndipo 83 atsika nawo. Ngati pa masiku 8 aja panali tsiku limene mwana anadwala ndipo muli ndi kalata ya kuchipatala, ipititseni. Sukulu zina siziwerengera kujomba kotere. Chomaliza, ndipo ichi musachiiwale, funsani ngati pali lamulo la kuchuluka kwa makalasi amene munthu ayenera kupita kuti aloledwe kulemba mayeso omaliza. Ngakhale mutapita onse otsalawo mudzakhala ndi 12 pa 20, amene ndi 60 peresenti, ndipo ngati sukulu yanu imafuna oposa pamenepo, muyenera kudziwa panopa kukadali nthawi yokapempha.

Azakhali