Madola anatumizidwa koma sanafike ku Lusaka

"Mchemwali wanga ananditumizira madola kuchokera ku Dubai, padutsa masiku 8. Banki yanga kuno ku Lusaka ikuti palibe chafika. Nditani?"

Pepani achimwene, zoterezi zimasowetsa tulo. Musalimbane kaye ndi banki yanu, chifukwa sangafufuze popanda nambala. Uzani achemwali anu apite kubanki yomwe anatumizira akapemphe chikalata chotsimikizira malipirowo, chomwe ambiri amachitchabe `MT103`. Akafunsenso `UETR`, nambala ya zilembo 36 yomwe siisintha ngakhale ndalama zidutse m'mabanki angati.

Madola kawirikawiri sabwera molunjika, amayamba adzera kubanki yapakati ku New York. Banki iliyonse yomwe ili pa `SWIFT gpi`, njira yomwe mabanki amalondolera ndalama zotumizidwa kunja, imalemba pamene ndalama zafika, ndiye ndi `UETR` ija wa pabanki amaona pakompyuta banki yomwe yazigwira komanso zomwe yadula. Akaona `ACCC`, ndalama zalowa kale muakaunti. `RJCT` ndiye kuti zakanidwa, zibwerera. `ACSP` zikadali m'njira.

Ineyo zinandionekera. Ndinaima pamzere kubanki ina ya mu Cairo Road masiku atatu, kuyankhidwa kuti "bwerani mawa". Nditapereka `UETR`, mayi wa pakauntala anaona kuti zaima ku New York: wotumiza analemba dzina langa mwachidule, losiyana ndi la pa akaunti, ndipo banki yapakatiyo inafunsa mafunso kubanki yotumiza osayankhidwa. Wotumiza uja atatumiza chithunzi cha pasipoti, zinalowa patatha masiku awiri.

Kukankha kwenikweni kuchitike ku Dubai, chifukwa mafunsowo nthawi zambiri amapita kwa otumiza.