Bonasi ya bandulo ya holide yapita kuti?

"Abale thandizeni, ndinagula bandulo ya holide ija akuti 2GB kuphatikiza 1GB yaulere, koma patangotha tsiku limodzi bonasi yasowa pomwe sindinaigwiritse ntchito. Andibera kapena? Ndili ku Bangula."

Achimwene sanakubereni ayi, nkhani ndi yoti bandulo ndi bonasi ndi matumba awiri osiyana, lililonse lili ndi nthawi yake yothera. Pa chikwangwani amaonetsa 3GB ija ndi zilembo zikuluzikulu, koma nthawi ya bonasi imabisala mu meseji ija imabwera mukangogula, yomwe ambiri amangofufuta osawerenga.

Tiyerekeze mwagula Lolemba 4 koloko madzulo, 2GB ya masiku 7 ndi bonasi 1GB ya maola 24. Nthawi imayamba kuwerengedwa pomwe meseji yalowa, osati pomwe mwayatsa data. Ndiye Lachiwiri 4 koloko madzulo 1GB ija yapita basi, olo foni inali yozima tsiku lonse chifukwa magetsi kunalibe, iwo sizikuwakhudza zimenezo, pomwe 2GB yanu ikadalipo mpaka Lolemba linalo. Mapromoshoni ena ndi ankhanza kuposa apa, tsiku lawo limathera 12 koloko usiku, mukagula 9 koloko usiku ndekuti mwapatsidwa maola atatu okha. Nchifukwa chake mu meseji muja musamangoona deti, onaninso ola.

Chinanso chomwe chimapweteka anthu ndi choti foni ikudya thumba liti. Izi mutha kuyesa nokha, chekani balansi, onerani kavidiyo kamodzi pa YouTube, kenako chekaninso. Ngati yatsika ndi bonasi zili bwino, pitirizani. Koma ngati yatsika ndi 2GB ija bonasi ili chiimire, ndekuti bonasiyo ili ndi malamulo ake, mwina ndi yausiku wokha kapena ndi ya WhatsApp ndi Facebook basi. Yausikuyo ineyo sindiiona ngati mphatso kwenikweni, ngakhale ndi kutentha kwa Disembala kwathu kuno tulo sitibwera msanga, ndiye mpomwe mungadawunilode mavidiyo ndi kupanga apudeti maapu, zopepuka ngati mameseji muzisiyira bandulo yaikulu.

Kuguliratu bandulo ina sikuti bonasi yakale italika moyo, pokhapokha meseji itanena choncho. Ndipo zonse zikatha data ili chiyatsire, samalani mayunitsi anu, ngati layini yanu imalola intaneti yopanda bandulo amatha msanga kwambiri poti mtengo wake ndi wokwera.

Inu a ku Nsanje makamaka cha ku Marka, holide ino mukamakaona abale onetsetsani dzina la netiweki pamwamba pa foni. Ikakoka ya ku Mozambique, bandulo ndi bonasi zomwe sizigwira ntchito koma maola akuwerengedwabe. Thimitsani Data roaming mu Settings, netiweki musankhe pamanja ya kwathu konkuno.